Nthabwala imodzi siseketsa m'zilankhulo ziwiri

Aise,

Kuno ku Blantyre tili bwino, kaya iwe ku Joniko. Wati komiti ya ukwati wa mlongo wako yakupatsa ntchito yolemba uthenga woitana anthu, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, poti akuchimuna ndi anzake akuntchito sadziwa Chichewa. Ndinalembapo wotere pa ukwati wa msuweni wanga ku Chilomoni, ndiye tamvera.

Usalembe Chichewa kenako n'kumasulira mzere ndi mzere. Yamba walemba pambali zinthu zosasintha: tsiku, nthawi, holo, mtengo wa khadi. Zimenezi zifanane ndendende mbali zonse, chifukwa ambiri kwathu kuno amawerenga zonse ziwiri, ndipo akapeza 1 koloko uku, 2 koloko uko, foni yako sipuma. Zotsalazo lemba kawiri, ngati ukulankhula ndi anthu awiri osiyana.

Povuta ndi pa perekaniperekani. M'Chichewa ndinalemba kuti, "Osintha ndalama adzakhala pakhomo pomwepo, ndiye amalume zoti ndili ndi K5,000 yosasintha mudzazisiye kunyumba." Anthu anaseka chifukwa aliyense ali nawo malume otere, amene amavina nyimbo yonse dzanja lili m'thumba. Tsono amene sanaonepo perekaniperekani akawerenga zomwezo m'Chingerezi amangoona banja likunyoza munthu wamkulu pagulu, kwinaku likupempha ndalama. Choncho m'Chingerezimo amalumewo ndinawachotsa. Ndinafotokoza kaye mwambowo m'ziganizo ziwiri, kuti oyendetsa mwambo amaitana magulu, anthu amavina akuponya timapepala ta ndalama, ndipo pali tebulo losinthira ndalama zikuluzikulu. Nthabwala ndinailozetsa kwa ife eni: musaope kuvina, akomiti tayeserera mwezi wathunthu koma mapazi akukanabe. Mlendo amaseka momasuka ukamadziseka wekha.

China ndi ulemu. M'Chichewa "inu" ndi "a" wa pa "amalume" amafewetsa mawu, moti ukhoza kumugwira munthu pachilonda iye n'kumaseka. Chingerezi chili ndi liwu limodzi loimira iwe ndi inu, ndiye chiganizo chomwecho chimatuluka chouma ngati kalata ya ngongole. Ulemuwo uyenera kuubwezera ndi mawu, kuthokoza kaye, kupempha osati kulamula. Koma usapitirirenso, Chingerezi n'kukhala cha mu ofesi pamene Chichewa chili cha pakhonde. Odziwa zonse ziwiri amaona msanga kuti alendo mwawalandirira pabalaza, abale kukhitchini.

Ukamaliza, mbali ya Chingereziyo ukamuwerengetse mnzako wa komweko amene sanafikeko ku Malawi, iwe osanena kanthu. Akafunsa kuti ndiye kuti chani, nthabwalayo ichotse, usaifotokozere. Ya Chichewayo uwawerengere mayi pafoni, poti iwo ndi amene angadziwe ngati amalume enieniwo angakwiye.

Unditumizire ndione usanagawe. Moni kwa alamu.

Ndine mnzako wa ku Ndirande