Mukutigulitsa dizilo wa madzi, yezani mathanki anu

Kwa inu eni ake a filing'i siteshoni imene ndimathirako dizilo, ndalemba poyera chifukwa yankho la amanijala anu silinandikhutitse.

Nditathira dizilo wodzaza thanki pa pampu yanu, galimoto sinapite patali. Nyali yochenjeza za madzi inayaka, injini inayamba kudukizadukiza, mphamvu n'kutheratu. Amakaniko atakhetsa mafutawo m'botolo loonekera, madzi anakhazikika pansi, dizilo pamwamba, pakuti madzi ndi olemera kuposa dizilo. M'thanki yonse munatuluka madzi pafupifupi lita imodzi.

Amanijala anu akuti madziwo ndi a chinyezi cha m'thanki yanga. Chinyezicho sindikuchikana. Thanki ikakhala ndi mafuta ochepa, malo otsalawo mumadzaza mpweya, ndipo usiku kukazizira nthunzi ya mumpweyamo imasanduka timadontho m'mbali mwa thanki n'kutsikira pansi. N'chifukwa chake galimoto yokhalitsa osayenda imafunika kuimikidwa thanki ili yodzaza. Koma tiwerengetsere. Mpweya wotentha madigiri 30, ngakhale utakhuta chinyezi, umasunga magalamu pafupifupi 30 a madzi m'malita 1,000. Thanki ya malita 60 yopanda kanthu ndiye kuti ili ndi magalamu osakwana 2, osafika n'theka la supuni yaing'ono. Lita yathunthu ingachokere pamenepo tsiku limodzi?

Madziwo achokera m'thanki yanu yapansi panthaka. Labala wa pachivindikiro akatha, mvula imalowa, ndipo paipi yopumira imakoka mpweya wonyowa nthawi zonse. Madzi amaunjikana pansi mpaka kufika pamene pampu imakokera, kapena amavunduka thankala ikamatsitsa mafuta.

Mwina simukuona kukula kwa vutoli. Pampu ya injini ndi mainjekita zimadalira dizilo yemweyo kuti zitsulo zake zizitereka, ndipo m'injini zamakono mafuta amapanikizidwa mwamphamvu zedi, mpaka mabaa 2,000 pa muyezo wa kupanikizika. Madzi sateretsa. Zitsulo zimakhulana, dzimbiri limagwira, timabowo ta mainjekita timaonongeka. Madzi akagonera m'thanki, pamalire a madzi ndi dizilo pamaswana tizilombo timene timapanga zonanda zakuda zotseka fyuluta. Ine chinandipulumutsa n'chakuti ndinazimitsa injini msanga, koma fyuluta ndasintha ndipo thanki yatsukidwa ndi ndalama zanga.

Mbali yathu ife oyendetsa tikuidziwa: kukhetsa kambiya kolekanitsa madzi kapansi pa fyuluta, kuona labala wa chitsekero cha thanki, ndi kusanyozera nyali ikayaka. Inunso chitani mbali yanu. Pakani mankhwala ozindikira madzi kunsonga ya ndodo yoyezera m'mawa uliwonse ndiponso mvula ikagwa. Akasintha mtundu, tsekani pampuyo, madzi apopedwe kaye. Thankala ikatsitsa, dikirani mafuta akhazikike musanayambe kugulitsa.

Lisiti ndili nalo, botolo la mafutawo ndasunga. Ndikufuna thanki yanu ya dizilo iyezedwe ine ndilipo, mundionetse buku limene mumalembamo zoyezazo, ndipo mundibwezere ndalama za mafuta ndi zokonzetsera galimoto.