Lipoti la msonkhano woyamba wa pa vidiyo: kudzidziwitsa kwa anzathu a zilankhulo zina

A Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse a gulu lathu la omasulira, ndakupatsani moni. Munandituma kuti ndikakuyimirireni pa msonkhano woyamba wa ntchito yomasulira mauthenga a zaumoyo ija, ndipo ndabwera kudzatula zomwe ndinaona. Za malipiro ndi masiku operekera ntchito zili m'kalata yomwe mlembi wakutumizirani kale, choncho sindibwerezanso. Chomwe ndikufuna tikhalirepo pansi ndi mphindi imodzi yomwe aliyense amapatsidwa kuti anene kuti ndi ndani, chifukwa pa msonkhano wotsatira anayi mwa ife adzalowa nawo, ndipo mphindi imeneyi ndinaiona ikupindulira ena ndi kutayitsa ena.

Tinalipo anthu 14 pa Zoom. Kuno inali 3 koloko masana. Kwa mnzathu wa ku Lagos inali 2 koloko, wa ku Nairobi 4 koloko, awiri a ku India hafu pasiti sikisi madzulo, wa ku Manila 9 koloko usiku, pamene wa ku Brazil kunali kukadali m'mawa, 10 koloko. Wotsogolera anali mayi wina wa ku London. Tonse tinkalankhula Chingerezi, koma kunena zoona zinali ngati Zingerezi zisanu ndi chimodzi zakumana m'chipinda chimodzi. Aliyense amabwera ndi lilime lakwawo. Ndipo ndinadabwa kuti amene ambiri anavutika kumumva sanali wa ku Brazil kapena wa ku Manila ayi, koma bambo wina wa ku Britain amene Chingerezi anayamwira. Ankathamanga, akumeza mawu, akuponyamo nthabwala zakwawo. Atamaliza panangoti zii, kenako wotsogolera anamupempha kuti alembe zomwe wanenazo.

Ine ndinali wachisanu ndi chinayi kulankhula. Ndinayamba mwa chikhalidwe chathu: moni kwa wotsogolera, moni kwa onse, kuthokoza chifukwa cha mwayi, kufunsa ngati onse ali bwino. Nditafunsa ndinadikira yankho, monga timachitira. Koma pa vidiyo mawu amafika mochedwerako, ndipo aliyense anali atatseka maikolofoni yake, ndiye palibe anayankha. Pomwe ndinkati ndipitirize, anthu awiri anatsegula n'kuyankha nthawi imodzi, tinawombana mawu. Theka la mphindi yanga linathera pamenepo. Zotsalazo ndinazinena mothamanga: dzina, gulu lathu, zaka zomwe takhala tikugwira ntchito. Umboni woti sanandimve unabwera pambuyo pake. Pogawa ntchito, mnzathu wa ku India ananditchula kuti "mnzathu wa ku Mali", ndipo wotsogolera anafunsanso kuti timamasulira m'chilankhulo chanji, chinthu chomwe ndinali nditanena kale.

Sindikunena kuti tisiye ulemu wathu. Moni aperekedwe, koma akhale wa mawu amodzi osafuna yankho. Ulemu waukulu pamalo ngati awa ndi kusamuvutitsa womvera.

Amene anandiphunzitsa popanda kudziwa ndi mayi wa ku Manila uja. Katchulidwe kake kanali kachilendo m'makutu mwanga, koma ndinamva chilichonse. Ananena dzina lake, n'kupuma, n'kulibwereza m'zidutswa ziwiri, n'kuuza anthu dzina lalifupi loti azimuitanira. Kenako ananena mzinda ndi dziko, chilankhulo chomwe amamasuliramo, gawo lake pa ntchitoyi, ndi maola omwe amapezeka. Basi. Asanatseke maikolofoni, zonsezo zinali zitaoneka kale pa `Chat`, chifukwa anali atazilemba msonkhano usanayambe n'kungozimata. Sanayese kulankhula ngati Mzungu. Anangokonza mawu ake mwakuti ngakhale theka litatayika m'njira, otsalawo afikebe.

Tsono tiyambe ndi dzina, chifukwa ndi pamene ife Amalawi timagwera kwambiri mosadziwa. Zilembo zathu anthu akunja amaziwerenga ndi malamulo a Chingerezi. Akaona ph amatchula f, ndiye Phiri amasanduka Firi, Mphatso n'kukhala Mfatso. Akaona th amatulutsa lilime pakati pa mano, ndiye Thokozani samvekanso ngati wathu. Ng' ya mu Ng'oma imawasowetsa poyambira. Vuto lake n'lakuti dzina lomwe akumva ndi lomwe akuona pansi pa chithunzi chako sizigwirizana m'mutu mwawo, choncho sadziwa kuti ndi munthu mmodzi. Ndiye amangopewa kukutchula, ndipo munthu wosatchulidwa dzina safunsidwa maganizo. Mankhwala ake ndi chiganizo chimodzi chowauza kuti h ya m'dzina lako ndi kampweya chabe, atchule p kapena t wamba. Kenako ulembe katchulidweko pa dzina lako la pa sikirini. Pa Zoom upite pa `Participants`, uloze dzina lako, usankhe `More` kenako `Rename`. Mwachitsanzo munthu angalembe chonchi:

```
Thokozani (to-ko-ZA-ni) | Chichewa | Malawi
```

Dzina limeneli limakhala pamaso pawo msonkhano wonse, ndipo nkhani ya Mali ndi Malawi imathera pomwepo. Muwauzenso momwe mukufuna kuitanidwira. Pagulu lija onse ankaitanana ndi dzina loyamba, ngakhale kwa wotsogolera amene ndi wamkulu kwa ine. Zinandilemera pakamwa, ndipo ndikudziwa kuti akuluakulu ena pakati pathu zidzawalemera koposa. Ngati mukufuna kuitanidwa ndi dzina la bambo anu, nenani momasuka pa mphindi yoyamba ija. Palibe amene anakhumudwa pamene bambo wa ku Lagos anatero.

Chachiwiri ndi liwiro. Munthu akamacheza m'Chingerezi amalankhula mawu pafupifupi 150 pa mphindi, ndipo mantha akamugwira amapitirira pamenepo. Kwa anthu a makutu osiyanasiyana chonchi, ine ndikuti mulembe mawu osapitirira 80 ndipo muwapatse mphindi yonseyo. Kuchedwetsa sikutanthauza kukoka mawu ngati ukuphunzitsa ana a sitandade 1. Ndi kupuma pakati pa ziganizo, makamaka pambuyo pa dzina, pambuyo pa dzina la malo, ndi pambuyo pa nambala. Kapumidwe kameneka ndi komwe kamapatsa womvera mpata wozolowera lilime lako, pakuti masekondi oyambirira khutu lake limakhala likadaphunzira mmene iwe umatchulira. N'chifukwa chake ndikuti dzina musaliike pa mawu oyambirira enieni. Moni wamfupi atsogole, khutu lawo likhazikike, dzina libwere pambuyo.

Pali mawu awiri kapena atatu omwe lilime lathu limatipereka. Kwathu l ndi r ndi pachibale, sitiona kusiyana kwenikweni, koma m'Chingerezi zimasintha tanthauzo. Ndinkafuna kunena kuti ndimatsogolera kagulu kowunika zomasulira, koma mawu olembedwa omwe amatuluka pansi pa sikirini anaonetsa `I read the review team` m'malo mwa `I lead the review team`. Amene ankadalira kuwerenga, monga mnzathu wa ku Brazil, anatenga zolakwikazo. Pamenepa simufunika kulimbana ndi lilime usiku wonse. Ingosinthani liwulo ndi lina lomwe mumalitchula bwino. Manambala nawonso ndi msampha: fifitini ndi fifite, satini ndi sate, zimamveka chimodzimodzi pa intaneti yofooka, kwa aliyense, osati ife tokha. Gulu lathu lili ndi mamembala 15, ndipo sitikufuna atiyese 50 n'kutisenzetsa ntchito yoposa mphamvu zathu. Mukatchula nambala yotere onjezani kuti wani faifi, ndipo muilembe.

Njira yodziyesera ndi yosavuta, ndipo ndaiyesa ndekha kangapo nditachoka pa msonkhanowu. Tsegulani Google Meet muli nokha, yatsani mawu olembedwa pa batani la `CC`, nenani mawu anu odzidziwitsa, muone zomwe zikutuluka. Pamene palembeka zina, pamenepo ndi pomwe mnzanu wa ku Manila angaphonyenso. Mayina athu okha musadandaule nawo, amenewo amalembeka molakwika ngakhale muwatchule bwino chotani, n'chifukwa chake timawalemba tokha.

Pofika kumapeto, wotsogolera anapempha atatu mwa ife kuti tibwereze chifukwa ena analowa mochedwa. Uwu unali mwayi wanga. Ndinapereka moni wa liwu limodzi. Ndinanena dzina kawiri ndi kachiganizo ka h kaja. Ndinati ndili ku Lilongwe, likulu la Malawi, kum'mwera kwa Africa, pakati pa Zambia, Tanzania ndi Mozambique. Ndinati timamasulira kuchokera ku Chingerezi kupita ku Chichewa, chomwe ku Zambia ndi ku Mozambique amachitcha Chinyanja. Apa mnzathu wa ku Nairobi anagwedeza mutu, pambuyo pake n'kundilembera kuti ali ndi mafunso a mawu a zachipatala omwe Chiswahili ndi Chichewa zingathandizane. Ndinanena kuti ndimapezeka kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, nthawi ya ku Malawi, yomwe anthu akunja amaidziwa kuti `UTC+2`. Ndinamaliza ndi chiganizo chomwe ndikufuna tonse tichitenge: kuti ngati wina sanandimve andiimitse ndibwereze, ndipo inenso ndidzatero kwa iwo. Anthu angapo anamwetulira, ndipo kuyambira pamenepo kufunsa kuti munthu abwereze kunasiya kuchititsa manyazi. Zonsezi sizinakwane mphindi, ndipo nthawi ino wotsogolera ananditchula dzina molondola.

Za zipangizo ndinene mwachidule. Mahedifoni a chingwe okhala ndi maikolofoni, omwe aja a foni, amamveka bwino kuposa kulankhulira laputopu patali, makamaka ngati denga ndi la malata ndipo mvula ikugwa. Kamera muyatse pa mphindi yodzidziwitsa, chifukwa anthu akamaona milomo amamva bwino, ndipo mukhale moyang'ana zenera kuti nkhope iwale. Koma netiweki ikayamba kudukaduka zimitsani kamera msanga. Mawu okha amadya data yochepa kwambiri poyerekeza ndi vidiyo, ndipo kuli bwino akumveni osakuonani kusiyana ndi kuona nkhope youma yosatulutsa mawu.

Msonkhano wotsatira udzakhala mu Novembala. Chenjerani ndi ola: ku Britain amabweza wotchi ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala, pamene ife sitisintha. Wotsogolera wati nthawi ikhalabe 2 koloko ya ku London, kutanthauza kuti kuno idzakhala 4 koloko, osati 3 koloko ngati ulendo uno.

Pempho langa kwa akomiti ndi lakuti anayi omwe adzalowe nawo asankhidwe sabata ino, aliyense alembe mawu ake 80 ndi kamzere ka pa `Chat`, ndipo Loweruka likubwerali tikumane pa vidiyo kwa theka la ola kuti tiyeserere. Ndidzabweretsa mawu anga aja kuti tiyambire pamenepo.