Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a masamu ku Tete

Aphunzitsi anzanga a masamu kuno ku Angonia, zikomo pondituma. Za malo ogona ndi chakudya ndidzanena pakamwa tikadzakumana, ndipo za kutentha kwa ku Tete mukukudziwa kale, makamaka mmene kumamuvutira munthu wozolowera mphepo ya ku Ulongwe. Pano ndalemba phunziro limodzi lokha, la matirizi elementari, chifukwa ndi limene munandipempha kuti ndikamvetsere bwino, poti ambirife likutigwetsa pa maphunziro athu a ku yunivesite.

Amene ankatsogolera phunziroli anali mayi wachikulire wophunzitsa alijebura. Anayamba ndi zimene tonse timachita pothetsa maikwezhoni angapo pamodzi. Pali zinthu zitatu zokha zololedwa pa mizere ya matirizi: kusinthanitsa mizere iwiri, kuchulukitsa mzere umodzi ndi nambala yosakhala ziro, ndi kuwonjezera pa mzere wina mzere unzake wochulukitsidwa ndi nambala. Ukatenga I, matirizi ija yokhala ndi 1 pamzere wodutsa pakati ndi 0 kwina konse, nkuichita chimodzi chokha mwa zitatuzi, chotulukacho ndiye matirizi elementari. Ukaiika kumanzere kwa matirizi ina nkuchulukitsa, imaichita matirizi inayo zomwe iyo inachitidwa.

Anatipatsa chitsanzo ichi, ndipo ndikupempha kuti muchiyese nokha papepala. L1 ndi mzere woyamba, L2 wachiwiri.

```
A = [0 2]
    [1 3]
```

Pakona yakumanzere pamwamba pali 0, choncho poyamba tisinthanitse L1 ndi L2. Mizere ikhala (1, 3) ndi (0, 2). Kachiwiri tigawe L2 ndi 2, ikhale (0, 1). Kachitatu tichotse pa L1 mzere wa L2 katatu, ndipo L1 ikhala (1, 0). Tafika pa I. Sitepe iliyonse ili ndi matirizi yake:

```
E1 = [0 1]   E2 = [1  0 ]   E3 = [1 -3]
     [1 0]        [0 1/2]        [0  1]
```

Mphunzitsi wina wa ku Macanga anafunsa chifukwa chake -3 wakhala pamwamba osati pansi. Mayi aja anayankha kuti tiwerenge mzere uliwonse wa E3 ngati lamulo lopangira mzere watsopano. Mzere woyamba, (1, -3), ukunena kuti tenga L1 kamodzi, uchotsepo L2 katatu. Wachiwiri, (0, 1), ukunena kuti L2 isiye mmene ilili. Nambala imakhala mumzere umene ukusinthidwawo. Ineyo ndinkangoloweza pamtima zimenezi, koma chiyambire tsiku limenelo sindikufunikanso kuloweza. Anatichenjezanso kuti ukaika E3 kumanja kwa A, imagwira mizere yoimirira osati yopingasa, ndipo utuluka ndi (0, 2) ndi (1, 0).

Popeza sitepe iliyonse yatsopano imalembedwa kumanzere kwa zakale, zonse zitatu pamodzi zimalembedwa E3 E2 E1 A = I. Apa pakuonekeratu kuti E3 E2 E1 ndiyo matirizi yobweza ya A, ija timalemba A⁻¹. Titachulukitsa tinapeza mizere (-3/2, 1) ndi (1/2, 0). Nchifukwa chake njira ija ya Gauss ndi Jordan, yolemba I pambali pa A nkumachita masitepe omwewo mbali zonse ziwiri, imagwira ntchito: mbali ya I imangosonkhanitsa ma E onse.

Tsono funso limene limabwera pa mayeso ndi lina. Amati lemba A yeniyeniyo ngati zochulukitsana za matirizi elementari. Apa tiyenera kuchoka pa I kubwerera pa A, ndipo sitepe iliyonse iyenera kumasulidwa. Kumasula nkosavuta. Kusinthanitsa mizere kumamasulidwa ndi kusinthanitsanso, kugawa ndi 2 kumamasulidwa ndi kuchulukitsa ndi 2, ndipo kuchotsa katatu kumamasulidwa ndi kuwonjezera katatu. Chovuta ndi dongosolo lake. Popita ku Tete ndinadutsa pa Mussacama kenako Moatize, koma pobwerera Moatize ndiye inayamba. Nazonso zili choncho: sitepe yomaliza, E3, ndiyo iyamba kumasulidwa, motero imakhala kumanja, pafupi ndi I.

```
A = E1⁻¹ E2⁻¹ E3⁻¹ = [0 1] [1 0] [1 3]
                     [1 0] [0 2] [0 1]
```

Yambirani kumanja. Ziwiri zakumanjazo zipereka (1, 3) ndi (0, 2), ndipo yakumanzere isinthanitsa mizereyo, tipeza (0, 2) ndi (1, 3). Imeneyi ndi A.

Atatigawa mmagulu, gulu lathu linalakwa pomwepa, ndipo cholembera chinali mmanja mwanga. Ndinamasula matirizi iliyonse bwinobwino koma ndinasiya dongosolo lakale, E3⁻¹ E2⁻¹ E1⁻¹. Pofuna kutsimikiza mwachangu ndinayang'ana determinanti. Ya A ndi 0×3 − 2×1, imene ndi -2. Za matirizi zitatuzo ndi 1, 2 ndi -1, zochulukitsana zake -2. Ndinakweza dzanja monyadira. Mayi aja anangoti, "Aphunzitsi, tachulukitsani tione." Panatuluka (6, 1) ndi (2, 0), matirizi ina kotheratu, koma determinanti yake ndi -2 yemweyo. Manambala wamba ungawachulukitse mwa dongosolo lililonse yankho osasintha, ndiye determinanti singaone kuti matirizi zasokonezeka malo. Imagwira wina amene waiwala kumasula nkulemba E1 E2 E3, chifukwa iyeyo apeza -1/2. Wosokoneza dongosolo amagwidwa pokhapokha achulukitse zonse mpaka A itulukenso, ndipo pa matirizi ya mizere iwiri ntchito imeneyi sitenga ngakhale mphindi ziwiri.

Panabukanso mkangano wokhudza ife ochonga mapepala. Gulu lina linayamba ndi kugawa L1 ndi 2, kenako nkusinthanitsa mizere, ndipo yankho lawo linali ili:

```
A = [2 0] [0 1] [1 3]
    [0 1] [1 0] [0 1]
```

Ena anati nzolakwa poti sizikufanana ndi za pabolodi. Titachulukitsa, A inatuluka ndithu. Mayankho olondola alipo ambiri, ndipo wina woyenda njira yaitali akhoza kukhala ndi matirizi zisanu. Maganizo anga ndi akuti pochonga tisamafanizire ndi pepala la mayankho, koma tione ngati matirizi iliyonse ili ya sitepe imodzi yokha, kenako tichulukitse. Matirizi yokhala ndi 2 ndi 3 pamzere wodutsa pakati yachita masitepe awiri, choncho si elementari, ngakhale zochulukitsana zitatuluka bwino.

Mafunso a mtundu uwu amatchula matirizi yokhala ndi yobweza pa chifukwa. Tinayesa ya mizere (1, 2) ndi (2, 4). Ukachotsa L1 kawiri pa L2, mzere wonse wachiwiri usanduka maziro, ndipo palibe sitepe imene ingakufikitse pa I. Matirizi elementari iliyonse ili ndi yobweza, kotero zochulukitsana zake nazonso ziyenera kukhala nayo. Kuchulukitsa mzere ndi ziro kumaletsedwa pa chifukwa chomwechi: mzere ukafafanizika palibe chouukitsa.

Ndabwera ndi mafunso ena a matirizi za mizere itatu. Ndikupempha kuti tikadzakumana Loweruka aliyense adzakhale atalemba A ya pamwambayi mwa njira yakeyake, ndipo tidzasinthana mapepala, wina achulukitse za mnzake tisanayambe za mizere itatuzo.