Zikomo a kusikelo ya ana, mwanditula katundu

Kwa Akuluakulu Oyang'anira Chipatala Chathu,

Ndikulemba kalata ino mtima uli m'malo. Lachiwiri lapitali ndinabwera kusikelo ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 2 ndi miyezi 4, ndipo ndinanyamuka kunyumba nditakonzekeratu kukalipiridwa. Kumene tinkakhala kale ndinaziona. Mwanayu atakana kulowa m'kabudula wa sikelo, amene ankayeza anandinyoza pamaso pa amayi anzanga kuti ndamusasatitsa. Ulendo wina anangondibwezera kabuku n'kundiuza kuti ndibwerere kumapeto kwa mzere mpaka mwana aphunzire ulemu. Ndinatha miyezi 3 osapondako chifukwa cha manyazi. Kunyumba nakonso mawu anali amodzi, akuti kamkwapulo kakusowa.

Kwanu kuno mwana anayambanso zomwezo. Atangoona sikelo ikulendewera anauma thupi n'kukuwa kuti, "Ayi! Ndekha!" Ine thukuta linali kamukamu. Koma mayi mlangizi wa zaumoyo amene anali pamenepo anaika cholembera pansi, n'kunjuta mpaka nkhope yawo inalingana ndi ya mwana. Sanamufunse ngati akufuna kukwera sikelo. Anamugwirira kabudula uja n'kunena motsitsa kuti, "Uyamba mwendo uti, uwu kapena uwu?" Mwana anayang'ana miyendo yake kanthawi, kenako anakweza wakumanzere yekha. Anaphonya kawiri, mayiwo osamugwira, osamufulumizitsa, ngakhale mzere unali wautali. Atalowetsa wachiwiri anamuuza kuti, "Wavala wekha, tsopano ine ndikupachika." Analira pang'ono ali m'mwamba, koma kulemera kwake kunalembedwa.

Zakabuku ndi katemera zinayenda mwachangu, sindinasungenso n'komwe kuti ndinadutsa pamatebulo angati. Chimene chandikhala mumtima ndi choti anthu atachepa mayiwo anandiitana n'kukhala nane pabenchi. Anati, "Mayi, mwana wanu alibe mwano." Anandifotokozera kuti kuyambira cha m'miyezi 18 mpaka zaka 3, mwana amayamba kuzindikira kuti iye ndi munthu payekha, wosiyana ndi mayi ake. "Ayi" ndi liwu lalifupi limene waona kuti likatuluka, akuluakulu amaima. Amafuna zambiri koma manja ake sanakhwime, mawu ofotokozera ndi ochepa, ndipo mbali ya ubongo yothandiza munthu kudzigwira imakhwima mochedwa kwambiri. N'chifukwa chake nsapato ikakana kulowa amadzigwetsa pansi. Akakhala ndi njala kapena tulo, zimanyanya.

Anandiuza kuti ndisamafunse funso pa chinthu chimene sindingalole kuti akane. Ine ndinkati, "Usamba?" iye n'kuti ayi, nkhondo n'kuyamba. Tsopano ndimamuchenjeza kaye kuti akamaliza phala tisamba, ndipo nthawi ikakwana ndimati, "Unyamula sopo kapena chinkhupule?" Zosankha zikhale ziwiri basi, ndipo zonse zikhale zoti ine ndikugwirizana nazo. Povala ndimamulowetsa diresi kumutu, iye n'kumaliza manja. Zimadya nthawi, choncho Lamlungu ndinayamba kumuveka mphindi 15 msanga, ndipo tinafika kutchalitchi popanda wolira.

Sananene kuti ndizimulola zonse. Mbaula, mpeni, msewu, chitsime ndi mankhwala, pamenepo palibe kusankha. Ndimunyamule n'kumuchotsa, mawu akhale ochepa, ndipo akalira ndikhale pafupi mpaka atatonthola, osasintha zimene ndanena. Anati ndikagonja chifukwa cha kulira, mawa adzalira kwambiri, ndipo ndikamumenya adzaphunzira kuti munthu akakwiya amamenya. Dzulo anafuna kuvundula phala pamoto. Ndinamuchotsa, anagubuduka pabwalo, ine ndinakhala pakhonde mtima ukugunda koma osakuwa. Atatopa anabwera yekha pamiyendo panga, ndipo ndinamupatsa phala lozizira m'kambale kuti avundule ndi supuni yake.

Anandiuzanso zoti ndikaziona ndibwere osadikira tsiku la sikelo: akamadzivulaza kapena kuvulaza anzake pafupipafupi, akasiya kunena mawu amene ankatha kale, kapena kukana chakudya kukafika pomuwondetsa. Anandifunsanso ngati amalumikiza mawu awiri, monga "amama madzi", chifukwa mwana wa zaka 2 amayenera kuti wayamba kutero.

Dzina lawo sindinafunse, koma inu mukudziwa amene anali pasikelo tsikulo. Chonde muwauze kuti mayi wa mwana uja wa "ndekha" akuthokoza kuchokera pansi pa mtima. Ndikanakonda ena amene amagwira ntchito yomweyi akanakhala nawo pafupi m'mawa umodzi wokha, aone mmene amalankhulira ndi ana. Alipo amayi anzanga awiri amene anasiya sikelo chifukwa cha mawu ngati amene ndinalandira ine. Ndawauza zonsezi, ndipo mwezi wamawa tibwera tonse.

Ine wanu wothokoza,
Mayi wa mwana wa zaka 2