Andilembera dalitso lokha, ndiyankhe bwanji?

Amayi alangizi,

Ndine mayi wa zaka 38, ndimasoka zovala pa boma la Balaka, ndipo amuna anga anamwalira zaka zinayi zapitazo. Mwezi watha msuweni wanga anandipempha kuti apereke nambala yanga kwa bambo wina amene amagwira naye ntchito ku Liwonde, amenenso anaferedwa akazi awo, ndipo nditaganizira kwa masiku angapo ndinavomera. Lachiwiri lapitali, nthawi ili cha m'ma 5 koloko m'mawa, bamboyo ananditumizira uthenga woyamba pa WhatsApp, koma munalibe dzina, moni kapena funso. Munali dalitso lokha la pa Numeri 6:24-26, lija lopempha kuti Yehova adalitse munthu ndi kumusunga, limene abusa amatsekera nalo mapemphero.

Ndinayamba ndaonetsetsa ngati uthengawo unali wa anthu ambiri, chifukwa ndimalandira zithunzi zamaluwa ndi mavesi tsiku lililonse kuchokera kwa anzanga a Mvano, ndipo zambiri mwa izo zimakhala ndi mawu akuti Forwarded pamwamba. Uwu unalibe chizindikiro chimenecho, ndipo liwu limodzi linalembedwa molakwika, zomwe zinandionetsa kuti munthuyo anakhala pansi n'kulemba yekha. Ndinawazindikira pa chithunzi chawo, popeza msuweni wanga anali atandionetsa kale.

Vuto langa ndi lakuti dalitso lili ndi yankho lake lodziwika, ndipo yankholo ndi limene limatseka nkhani. Ndikalemba kuti "Ameni", ndakwaniritsa ulemu, koma sindinawapatse bamboyo poyambira, ndipo ndikuopa kuti mawa adzatumiza vesi lina, ine n'kuvomeranso, mpaka mwezi kutha tisanafunsane ngakhale za ana. Makasitomala anga achisilamu amayambanso ndi moni wa chipembedzo, koma iwo akalemba kuti "Assalam alaikum" ine n'kuyankha kuti "Wa alaikum salam", nthawi yomweyo amanena chimene akufuna, kaya ndi diresi kaya ndi yunifolomu ya mwana. Moniwo umakhala ngati odi wa pakhomo, ndipo malonje amatsatira. Bambo awa aodira, koma aima panja osanena chimene abwerera.

Mnzanga wina akuti ndibweze vesi, ndipo apa ndi pamene ndikukayika kwambiri. Pakati pa mwamuna ndi mkazi amene akudziwa chifukwa chimene anapatsirana nambala, vesi silimveka ngati vesi chabe. Nditati nditumize mawu a Rute kwa Naomi a pa Rute 1:16, onena za kupita kumene mnzake akupita, bamboyo angaganize kuti ndalola asanafunsire n'komwe, ndipo nditasankha vesi la chenjezo angaone ngati ndawakana. Mwambi nawonso uli ndi msampha womwewo, pakuti nditalemba kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, iwo sangadziwe ngati ndikuwalimbikitsa kuti adikire kapena ndikuwadzudzula kuti afulumira.

Kufunsa kuti "Ndinu ndani?" ndikuona kuti n'kunama, chifukwa ndikuwadziwa ndipo iwonso akudziwa kuti msuweni wanga anandiuza. Komabe sindikufuna kukhala woyamba kutchula chifukwa chimene tikulemberana, popeza ndinaleredwa kuti mwamuna ndiye amanena cholinga chake, ndipo achibale a malemu amuna anga akadali pafupi nane, moti nkhani yoti ndine ndinayamba ingandipweteke.

Ndalemba yankho ili koma sindinatumize: "Ameni, zikomo kwambiri bambo, nanunso Mulungu akudalitseni. Ndikhulupirira kuti ndinu amene msuweni wanga anandiuza. Mwadzuka bwanji kumeneko ku Liwonde, ndipo ana ali bwanji?" Ndikuona kuti likuvomera dalitsolo, likusonyeza kuti ndawazindikira, ndiponso likuwapatsa funso losavuta kuyankha. Koma kodi kutchula ana pa uthenga woyamba si kulowa m'nyumba ya eni ndisanaitanidwe?

Tsopano papita masiku atatu, ndipo timizere tiwiri tabuluu tinawaonetsa kale kuti ndinawerenga. Chonde ndithandizeni ngati ndiyenera kupepesa chifukwa cha kuchedwaku kapena kungoyankha ngati palibe chachitika. Ndikufunanso kudziwa ngati munthu woyamba ndi dalitso lokha amakhala wamanyazi chabe, kapena amakhala akuyesa ngati ndine wopemphera. Ndipo ngati atayankha funso langa ndi vesi linanso, ndidikire kangati ndisanapemphe msuweni wanga kuti awafunse cholinga chawo?

Ine wanu,
Mayi wosoka zovala, Balaka