Lipoti la Maphunziro a Kuyesa Mauthenga Awiri a Malonda pa Facebook

Amayi apampando, alembi, asungichuma ndi mamembala nonse a gulu lathu lopanga chiponde, ndikupereka lipoti la maphunziro a tsiku limodzi amene munanditumako m'tauni ya Blantyre, kumene tinakumana ndi anzathu a mabizinesi ang'onoang'ono ochokera ku Limbe, Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni. Zimene zinakambidwa zinali zambiri, koma ndalemba gawo limodzi lokha limene likukhudza ndalama zathu, la mmene tingadziwire kuti mwa mauthenga awiri otsatsira malonda, umene ukugulitsa chiponde chambiri ndi uti.

Ndiyambe ndi kuvomereza kuti zimene tinachita mwezi watha sizinali kuyesa ayi. Mukumbukira kuti uthenga woyamba tinauika pakati pa mwezi ndi chithunzi cha botolo lili pathebulo, pomwe wachiwiri tinauika pa 28 ndi chithunzi cha mwana akudya phala, ndipo wachiwiriwo utagulitsa kwambiri tonse tinati mawu ake ndiwo anali abwino. Nditafotokoza zimenezi, aphunzitsi anandifunsa kuti tinadziwa bwanji kuti chinagulitsa ndi mawu, osati chithunzi kapena malipiro akumapeto kwa mwezi amene anthu anali atangolandira. Ndinasowa choyankha. Lamulo lake nlakuti pakati pa mauthenga awiriwo pasiyane chinthu chimodzi chokha, ndipo chithunzi, dera, zaka za anthu olandira uthenga, masiku ndi ndalama zikhale chimodzimodzi.

Pali chifukwa chinanso chimene sitiyenera kungodina `Boost post`, batani lolipirira kuti uthenga ufikire anthu ambiri pa Facebook, kawiri pa mauthenga awiri osiyana. Tikatero munthu mmodzi wa ku Chirimba angathe kuona onse awiri, ndipo akagula sitingadziwe umene unamukopa. Mu `Ads Manager`, malo a Facebook oyendetsera mauthenga otsatsa malonda, muli batani lolembedwa `A/B test` limene limagawa anthu m'magulu awiri mwachisawawa, kotero kuti woona uthenga A saonanso B. Eni ake a Facebook amalangiza kuti kuyesaku kutenge masiku osachepera 7, ndipo kwa ife malangizowa ngomveka, popeza anthu sagula mofanana Lachiwiri ndi Loweruka. Aphunzitsi anatichenjezanso kuti tisasinthe mawu kapena kuonjezera ndalama mbali imodzi kuyesa kuli mkati, ngakhale titaona kuti uthenga wina wayamba mwaulesi masiku awiri oyambirira.

Tinathera nthawi yaitali pa chitsanzo cha masamu chimene aphunzitsi analemba pabolodi, ndipo ndinawapempha kuti achipange cha chiponde kuti chitithandize. Uthenga A unkati: “Chiponde cha mtedza wokhawokha, botolo K4,500, timabweretsa ku Limbe ndi m'tauni.” Uthenga B sunatchule mtengo, unkati: “Chiponde cha mtedza wokhawokha, chokoma m'phala la ana, timabweretsa ku Limbe ndi m'tauni.” Uliwonse unapatsidwa K35,000 kwa masiku 7, ndipo woudina ankafikira pa WhatsApp ya gulu. Pamapeto pake B anabweretsa anthu 70 olemba uthenga, kutanthauza K500 pa munthu aliyense, pomwe A anabweretsa anthu 35 okha, pa K1,000 aliyense. Pamzere wa `Cost per result`, umene umaonetsa ndalama yolipiridwa pa munthu aliyense wotilembera, wopambana ndi B, ndipo titafunsidwa, pafupifupi tonse tinakweza manja kusankha B.

Kenaka aphunzitsi analemba za m'kaundula wa malonda. Mwa anthu 70 a B, ogula anali 7 okha, poti ambiri ankangolemba kuti “zingati?” n'kusowa atamva mtengo, pomwe mwa anthu 35 a A ogula anali 14, chifukwa iwowo anafika akudziwa kale kuti botolo ndi K4,500. Tikagawa K35,000 ndi ogula, A anatidyera K2,500 pa wogula aliyense, B K5,000. Ngati phindu la botolo lili K1,500 ndipo wogula amatenga mabotolo awiri, wogula mmodzi amatisiyira K3,000, kotero kuti A amabweza ndalama yake n'kutsala K500, pomwe B amatiluzitsa K2,000 pa wogula aliyense, osawerengera nthawi ndi bandulo ya amene ankayankha anthu 63 osagula aja. Facebook imaona kuti munthu watilembera, koma ndalama imene yalowa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kapena imene talandira pamanja pa depoti, siiona, ndiye ngati sitilemba tokha tidzasankha uthenga wodzaza foni m'malo mwa wodzaza thumba.

Funso limene ndinali nalo, ndipo ndikudziwa kuti alembi alinso nalo, linali la mmene tingazindikirire kuti wolembayo wachokera ku uthenga uti. Pokonza uthenga wotsatsa pali malo olembapo mawu amene amaoneka okha pa WhatsApp munthu akadina, iye n'kungotumiza. Pa A tingaike kuti “Ndikufuna chiponde”, pa B “Ndiuzeni za chiponde”, ndipo woyankha foni azilemba m'kope tsiku, chilembo cha uthenga, mabotolo ogulidwa ndi ndalama yolandiridwa. Ena amafufuta mawuwo n'kulemba awo, choncho ngati sizikuoneka kumene munthu wachokera, alembedwe padera osamuganizira mbali. Woyankha akhale mmodzi, kapena onse ayankhe mofanana, chifukwa mbali imene ikuyankhidwa msanga idzagulitsa kwambiri ngakhale uthenga wake utakhala wofooka. Wogula amene walipira patapita masiku awiri kapena atatu kuyesa kutatha awerengedwenso.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti ngakhale 14 kwa 7 sikuti mlandu watha. Anthu akakhala ochepa chonchi, mwayi wokha ungathe kubweretsa kusiyana koteroko, monga mmene ndalama yachitsulo ingagwere mbali imodzi kangapo motsatizana popanda chifukwa. Aphunzitsi anatipatsa njira yachidule yoyesera pamene mbali ziwirizo zapatsidwa ndalama zofanana: phatikizani ogula onse, dinani chizindikiro cha √ pa kakyuleta ya foni, yankho lake chulukitsani ndi 2, ndipo kusiyana kwa mbali ziwirizo kuyenera kuposa nambala imeneyo. Pachitsanzo chathu ogula onse ndi 21, √21 ndi pafupifupi 4.6, kuchulukitsa ndi 2 kumapereka 9 ndi pang'ono, pomwe kusiyana ndi 7 kokha, ndiye sikunakwane. Tikabwereza sabata ina n'kupezanso chimodzimodzi, ogula akhala 28 kwa 14, onse 42, malire ake pafupifupi 13, ndipo kusiyana kwa 14 kwadutsa, ngakhale mopyapyala. Ine ndikuona kuti kwa gulu laling'ono ngati lathu, njirayi ikutiuza kuti tiziyesa zinthu zosiyana kwambiri, monga kutchula mtengo ndi kusautchula, popeza kusiyana kwa liwu limodzi kapena mtundu wa zilembo sikungaoneke ndi ogula makumi awiri.

Pempho langa ku msonkhano wa Loweruka nlakuti gulu livomereze K70,000 ya sabata yoyamba, ndi kusunga K70,000 ina yobwerezera ngati kusiyana kukhala kochepa. Asungichuma afunse kaye ku banki ngati khadi la gulu lingalipire Facebook komanso kuti adzatidula zingati pa mtengo wa dola wa tsikulo, kuti tisadzidzimuke tikaona sitetimenti. Tiyambe pa 8 mpaka pa 14, kutali ndi malipiro akumapeto kwa mwezi, ndipo tisankhe munthu mmodzi wosunga foni ndi kope masiku onsewo. Ngati palibe wina wodzipereka, ine ndingagwire ntchitoyo, kupatula Lachinayi m'mawa pamene ndimakhala kokazinga mtedza.