Kwa mwana wanga, za miphika ya pa ukwati wa msuweni wako

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Bangweko, iwe, bambo a kunyumba ndi adzukulu anga. Kuno ku Chilomoni tadzuka, kungoti mwendo uja ukundivutabe, moti sindingathe kudzaima pamoto tsiku la ukwati wa msuweni wako. Azakhali ako andiuza kuti akomiti akusankha kuti uyang'anire zophika, ndipo oitanidwa alipo 200. Ndasangalala, koma usiku tulo tandivuta poganiza za mchere. Ndaona kuti ndilembe, chifukwa manambala ndikakuuza pafoni udzaiwala ukangofika pamafuwa.

Kuphika umatha, zimenezo sindikukayika. Koma dzanja lako linazolowera poto wa kilogalamu imodzi ya nyama, ndipo mphika waukulu suli ngati poto wamng'ono amene wangokula. Pali zinthu zimene umachulukitsa molingana ndi anthu, monga mpunga, nyama, anyezi ndi tomato. Madzi, mafuta, zokometsera ndi nthawi sizitsata masamu amenewo, ndipo mchere uli ndi kathiridwe kakekake.

Tiyambe ndi zogula. Ine ndimawerengera kuti kilogalamu imodzi ya mpunga imakwana anthu 8, ndiye kwa anthu 200 ugule makilogalamu 25. Nyama ya ng'ombe yamafupa, kilogalamu imodzi ndimaigawira anthu 6 kapena 7, ndiye makilogalamu 30 akwana. Ukapita ku msika wa ku Limbe, mpunga ugule wa mtundu umodzi, wa thumba limodzi. Ukasakaniza Kilombero ndi mtundu wina, wina umapsa pomwe unzake ukadali wolimba, ndipo palibe chimene ungachite pamenepo. Nyamayo usaiike mumphika umodzi ngakhale atakubwereka waukulu chotani. Uigawe patatu, makilogalamu 10 mphika uliwonse. Wina ukalakwika, iwiri ija imakupulumutsa.

Tsono za mchere. Ukukumbukira maliro a agogo ako aamuna? Unali wamng'ono, mwina sunadziwe chimene chinachitika kuseri kwa nyumba. Tinatereka nyemba mumphika waukulu m'mamawa, ine ndinathira mchere n'kupita kukakhala nawo m'nyumba ya siwa. Mayi wina podutsa analawa msuzi wa pamwamba, anamva kuti sunakolere, nawonjezera dzanja lathunthu. Kenaka wina anachitanso chimodzimodzi. Onsewo ankafuna kuthandiza. Pofika nthawi yogawa, madzi anali ataphwera, nyemba zija zinawawa mchere moti adzukulu atabwera kumanda anangodya nsima ndi kabichi. Ndinachita manyazi kwambiri, mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka. Kuyambira pamenepo, paliponse pamene ndayang'anira zophika, paketi ya mchere imakhala m'manja mwa munthu mmodzi. Pa ukwatiwu munthu ameneyo ndiwe. Uwauze amayi anzako mwaulemu m'mawa momwe kuti aliyense angathe kulawa, koma wothira ndi iwe wekha.

Muyeso wake ndi uwu. Kilogalamu imodzi ya nyama ya msuzi imafuna mchere wokwana pafupifupi magalamu 10, amene ndi timasupuni tiwiri ta tiyi tosasefukira. Mphika wa makilogalamu 10 ungafune magalamu 100, kapena kuti masupuni aakulu pafupifupi 6, odzaza mongolekeza m'milomo. Koma usathire onsewo poyamba. Thira 4 okha, enawo usunge. Chifukwa chake n'chakuti sungadziwiretu kuti msuzi uphwera bwanji pamoto wa nkhuni, ndipo ukaphwera mchere umatsala momwemo n'kukula mphamvu. Chinanso, supuni ikasefukira pang'ono kunyumba sizidziwika, koma kusefukira komweko ukakuchita kakhumi ndiye kuti wathira mchere wa mphika wina. N'chifukwa chake ndikuti uyezeretu mcherewo dzulo lake, wa mphika uliwonse m'kapu yake, osamathira ndi dzanja utsi uli m'maso.

Kalawidwenso n'kofunika. Mumphika wakuya mchere sufalikira msanga, makamaka ukakhala wamibulu uja umene umachedwa kusungunuka. Ukathira, takasa ndi mthiko waukulu mpaka pansi, dikira mphindi 10, takasanso, kenaka tunga msuzi wa pakati, uuike m'mbale uzizire pang'ono. Msuzi wotentha kwambiri umanamiza lilime. Ulawe pamodzi ndi kachidutswa ka nyama ndi kampunga, poti anthu sadzamwa msuzi wokha. Ukalawa kangapo lilime limatopa, ndiye tsuka m'kamwa ndi madzi, kapena itana mayi wina amene sanalaweko. Mchere wotsala uja uusungunule m'kapu ya madzi otentha n'kumathira pang'onopang'ono nyama itafewa. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo ngati anzako abweretsa zokometsera za m'mapaketi zija, za ufa kapena za timibulu, dziwa kuti muli mchere wambiri. Zilowe zisanafike nthawi yolawa komaliza, osati pambuyo pake.

Zikavuta n'kuwawa ndithu, usataye nthawi ndi zoponyamo mbatatesi ziwiri zitatu, sizichotsa mchere wokwanira mumphika wotero. Kazinga anyezi ndi tomato wambiri pambali popanda mchere, uthire madzi otentha, ugawe nyama ija pawiri n'kusakaniza ndi msuzi watsopanowo. Kapena usakanize ndi mphika wina umene sunamalize kuukoleretsa.

Mpunga ndi wosiyana. Mchere wake umalowa wonse poyamba, m'madzi, chifukwa ukapsa sungautakasenso kuti ukolere. Uugawe patatu, makilogalamu 8 ndi pang'ono mphika uliwonse, ndipo usankhe miphika yotambalala, osati yakuya. Mpunga ukaunjikana kwambiri, wapansi umaphwanyika n'kupserera pomwe wapamwamba uli wauwisi. Mphika uliwonse uthire masupuni aakulu 4 a mchere m'madzi owira, ulawe madziwo. Amveke mchere kuposa mmene ukufunira mpungawo pang'ono chabe.

Pa madzi m'pamene ambiri amagwa. Kunyumba umathira makapu awiri a madzi pa kapu imodzi ya mpunga, koma ena mwa madzi amenewo amangouluka ngati nthunzi. Mumphika waukulu wovundikira bwino, gawo louluka ndi lochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa chakudya. Ndiye yeza ndi chiwiya chimodzi: jagi imodzi ya mpunga wotsuka, jagi imodzi ndi theka ya madzi. Ukatsata muyeso wa kunyumba udzagawira alendo phala. Mpunga uuthire madzi atawira, utakase kamodzi, uvundikire. Madzi akangophwera n'kuoneka timaenje pamwamba, sololamo nkhuni zonse, pansi patsale makala ochepa, ena uwaole n'kuika pachivundikiro kuti upse kuchokera pamwamba. Ukamva kafungo kopserera, usapale pansi. Phula msanga, usamutse wapamwamba mumphika wina, wapansiwo utsale.

Nyamanso ndi chimodzimodzi. Makilogalamu 10 safuna malita 10 a madzi. Nyama yochuluka chotero imatulutsa madzi akeake ikangotentha, ndiye uyambe ndi malita 4 kapena 5, ndipo pambali pakhale mphika wa madzi otentha owonjezera. Madzi ozizira a m'ndowa amaletsa kuwira, umatayapo nthawi yambiri kudikira kuti ubwadamukenso. Usayesenso kukazinga nyama yonseyo pamodzi monga umachitira kunyumba. Siifiira, imangowira m'madzi ake. Iwiritse kaye ifewe, anyezi ndi tomato ukazinge mumphika wina, kenaka uphatikize. Mafuta asapitirire theka la lita pa mphika, poti nyama ili kale ndi mafuta ake, ndipo akachuluka amayandama pamwamba, oyamba kugawiridwa amalandira mafuta okhaokha.

Zonunkhiritsa monga adyo, jinja ndi ufa wachikasu wokometsera msuzi uja, ngati kunyumba umathira kasupuni kamodzi pa kilogalamu, pa makilogalamu 10 uyambe ndi 6 kapena 7. Mphika waukulu umakhala nthawi yaitali uli wotentha ndiponso wovundikira, fungo limalowerera kwambiri. Uzikazinge pang'ono m'mafuta pamodzi ndi anyezi, osangowaza pamsuzi, chifukwa ufa wosakazinga umamveka uwisi. Koma tsabola, mwana wanga, asalowe mumphika ngakhale pang'ono. Kambuzi sayezeka, wina amawawa kuposa mnzake, ndipo pa anthu 200 pali ana, agogo ndi odwala zilonda za m'mimba. Umusinje, usakanize ndi mafuta otentha ndi kamchere, uike m'timbale patebulo, wofuna adzitapira yekha.

Nthawi ndiyo yandichititsa kulemba kalatayi mofulumira. Nyama ikayamba kuwira imafewa pa nthawi yomweyo imene imafewera kunyumba, ola limodzi ndi theka kapena maola awiri, malinga ndi kukhwima kwa ng'ombeyo, bola zidutswa zikhale zofanana kukula. Chimene chimatalika ndi kudikira kuti mphika uwire. Poto wa kunyumba amawira pa mphindi zochepa, koma mphika wodzaza nyama yozizira ungathe kudya ola lathunthu pankhuni usanabwadamuke. Choncho uziyamba kuwerenga nthawi pamene wawira, osati pamene watereka.

Azakhali ako akuti anthu adzadya 1 koloko masana akachoka kutchalitchi. Ndiye moto uyake 6 koloko, nyama ikhale pamoto pofika 7 koloko. Iwira cha m'ma 8, ifewa cha m'ma 10, pamenepo uphatikize ndi tomato n'kumaliza za mchere. Madzi a mpunga uwatereke 10 koloko, mpunga ulowe cha m'ma 11, pofika 12 koloko ukhale wapsa uli pamakala. Kabichi ndiye womaliza, ndipo umuphike pang'onopang'ono m'miphika ingapo, chifukwa akaunjikana amatuluka madzi n'kulobodoka. Nkhuni zikhale zouma, zoduliratu, ndipo madzi mutungiretu m'migolo dzulo lake.

Usalole zoti ndiwo ziphikidwe usiku n'kugona mumphika waukulu wovundikira. Mphika wotero umachedwa kuzizira, pakati pamakhala pofunda usiku wonse, ndipo ndi kutentha kwa mwezi uno wa Okutobala, m'mawa udzapeza thovu pamwamba ndi fungo losasa. Nthawi zina sizinunkha n'komwe koma anthu amatsegula nazo m'mimba. Mpunga ndi nyemba ndiye sizichedwa. Zimene zapsa zikhale pamoto wochepa zili zotentha mpaka nthawi yogawa. Ukwati ukachedwa kutuluka, monga zimakhalira, uzithira timadzi totentha m'nyama kuti msuzi usaphwere n'kuwawa mchere.

Mchimwene wako akubweretsera kalatayi pamodzi ndi mthiko wanga waukulu ndi jagi imene ndimayezera mpunga. Miphika iwiri ndapempha kale kwa amayi a Mvano, yotsalayo ufunse apongozi ako. Lachisanu madzulo undiimbire, undiuze kukula kwa miphika imene wapeza kuti tiwerengere limodzi madzi ake. Upereke moni kwa bambo a kunyumba ndi ana.

Ndine mayi ako.